Chikakuyang'ana, Thamangira kwa Gunnel

Ku Vännäs kuno, ukakwera basi ya m'mawa yopita ku Umeå n'kupeza pachiwongolero pali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, tsitsi la imvi lometa ngati la msilikali, dziwa kuti wakwera ya Gunnel Norberg, ndipo ukhale mwaulemu. Si wankhanza ayi, akaseka basi yonse imaseka naye. Koma pali khalidwe limodzi limene anabadwa nalo: pakabuka vuto, iye amafuna kuti vutolo limuyang'ane iyeyo. Chidakwa chikayamba kuvutitsa mtsikana kumpando wakumbuyo, Gunnel amatsegula chimkuzamawu n'kunena kuti, "Bambo a chipewa chobiriwira, inu amene mukununkha mowa wa dzana, tabwerani kutsogolo kuno mudzandiuze ineyo nkhani zanuzo." Chidakwacho chimamuiwala mtsikana uja, n'kubwera dzandidzandi kudzamutukwana Gunnel, iye akungogwedeza mutu mpaka siteji yotsatira. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wake unakula akadali mwana, poti anali woyamba kubadwa m'nyumba ya bambo waukali.

Masewera a pa intaneti anawayamba mwangozi. Mwana wake wamkazi atapita kusukulu ku Göteborg anasiya kompyuta m'chipinda, masewera ake ali momwemo, ndipo Gunnel anakhala pampando tsiku lina akuti angoona chimene chinkamulepheretsa mwanayo kutsuka mbale. Mpaka lero sanadzukepo. Ndi masewera a m'mapanga ndi zimphona, mmene anthu khumi, aliyense ali kunyumba kwake, amalowa limodzi kukagwetsa chilombo chimene munthu mmodzi sangachithe. Ena amamenya, ena amachiritsa ovulala, ndiye pali wina amene amavala zitsulo n'kuima kutsogolo kuti nkhonya zonse zizigwera iye. Ameneyo amati thanki. Gunnel atamva kuti ntchito yotereyi ilipo, anawomba m'manja yekhayekha m'chipindamo. Moyo wake wonse ankaigwira osadziwa kuti ili ndi dzina!

Gulu lake linkadzitcha Masokosi Onyowa. Kwa zaka zambiri, Lachiwiri ndi Loweruka, Gunnel ankaima kutsogolo kwa gululo, ndipo mbiri yake inali yoti chimphona chikangomuyang'ana sichichotsanso maso.

Tsono panali mwamuna wake, Torvald. Munthu wamtali, wofatsa, wa manja ngati mafosholo, amene anakalambira ku fakitale yocheka matabwa akunola macheka. Ngati Gunnel ankathamangira mavuto, Torvald ankawathawa, ndipo kothawira kwake kunali kashedi ka kuseri kwa nyumba. Galu wawo atafa, Torvald mukashedi. Fakitale itachotsa anzake ntchito, mukashedi. Chaka chimene adokotala anamupeza ndi vuto la mtima, Gunnel nkhaniyo anaimva kwa mkazi wa neba, mwini wake ali mukashedi akupala thabwa losafunika kupala. Zimenezo zinamupweteka Gunnel koopsa, ndipo sanaziiwale. Iye amene ankatha kukopa maso a chidakwa chilichonse cha pamsewu wa Umeå, mwamuna wake yekha ndiye sankabwera kwa iye.

Torvald atapuma pantchito, zinthu zinafika poipa. Ankadzuka, kumwa khofi, kulowa mukashedi, kutuluka kukada. Gunnel anapirira nyengo yozizira imodzi, kenaka anagula kompyuta yachiwiri, naiyika pambali pa yake, namukhazika mwamuna wake pampando ngati mwana wa sukulu. Torvald anasankha kukhala woponya moto, wovala mkanjo wansalu, woima patali. Ataponya moto wake woyamba n'kuona kachilombo kakupsa, anaseka. Abale, kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba! Gunnel anatembenuka kuti aone ngati m'nyumba mwalowa mlendo.

Koma walira mvula walira matope. Pampando wina wa gulu patapezeka malo, Gunnel anapempha kuti malowo apatsidwe mwamuna wake, ndipo madzulo ake anamukhazika kukhitchini, nakhuthula timibulu ta shuga patebulo.

"Mvetsera, nkhalamba iwe," anatero Gunnel. "Chimphona chilichonse chili ndi mndandanda m'mutu mwake wa anthu amene achikwiyitsa. Ukachimenya, mulu wako ukukula. Sixten, wochiritsa wathu, akandichiritsa ine, wake ukukulanso, koma mwa theka chabe. Ine nkhonya zanga n'zofooka, koma masewerawa amaziwerenga kangapo, ndiye mulu wanga umakhala pamwamba. Amene chamugwira pamwamba ndi amene chimamumenya."

"Ndiye ndikakupitirira ndi kamodzi chibwera kwa ine?"

"Ayi, chili ndi makani, sichisintha msanga. Ine ndikakhala ndi khumi, womenyera pafupi amachilanda akapitirira khumi ndi kamodzi. Iwe wakutali, ukapitirira khumi ndi titatu. Pakona pa sikirini pali timizere tosonyeza milu imeneyi. Uziyang'ana pamenepo, osati moto wakowo."

Torvald anatola kambulu kamodzi pamulu wa mkazi wake n'kuponya m'khofi.

"Bweza shuga wanga! Malamulo ndi awiri basi. Loyamba, usaponye kanthu mpaka ine nditachigwira bwino. Lachiwiri, chikakuyang'ana, usathawe. Thamangira kwa ine."

"Kuthamangira kumene kuli chimphonacho?"

"Kumene kuli ine. Ndili ndi batani la chipongwe. Ndikalidina, mulu wanga umalumpha n'kufanana ndi wa amene ali pamwamba, ndipo chimanditembenukira. Koma mfuu yake sifika patali, ndipo ndikalidina liyenera kupuma kaye lisanagwirenso. Iwe ukathawa, chimphona chimathamanga kuposa ine, ndiye ndizikuthamangitsani nonse awiri ngati wotsalira basi."

Torvald anagwedeza mutu mwanzeru. Anamvetsa zonse, ndipo Lachiwiri lotsatira anaphwanya malamulo onse awiri asanamalize n'komwe khofi wake.

Gunnel anali asanafike pa chimphona, chishango chili m'mwamba, pamene chimoto chinamudutsa pamutu, vuuu! Pamndandanda wopanda kanthu, dzina la Torvald linakhala lokhalokha pamwamba. Chimphona chinamulambalala Gunnel ngati chitsa. Nanga Torvald? Anatembenuka, liwiro, kulowera komwe kunaima ochiritsa, chimphona chili pambuyo chikuponda aliyense. Posakhalitsa anthu khumi onse anali ngundangunda pansi.

M'mahedifoni munamveka mawu a Rauno, thanki wachiwiri, wowotcherera zitsulo wa ku Luleå amene pakamwa pake sipatsekeka. "A Torvald, pepanitu, kodi chimphonachi munali nacho chibwenzi kale? Mmene chakuthamangirani muja, ine mpaka nsanje."

"Ine ndafa ndili ndi bisiketi m'kamwa," anadandaula Sixten, wochiritsa wamkulu, bambo wonenepa wokonza mapaipi ku Örebro. "Sindinayambe n'komwe ntchito. Mwandiphera chiyani, achimwene?"

Onse anaseka, Torvald yemwe, misozi mbwembwembwe. Tsiku loyamba zimaseketsa. Koma zinachitikanso Loweruka, n'kuchitikanso sabata yotsatira, ndipo gulu linali litafika pa Mlonda wa Ng'anjo, chimphona chachitsulo chimene chinawagonjetsa nyengo yonse. Kuseka kunayamba kuchepa. Torvald sankachita dala. Manja amene ananola macheka moyo wonse sankadziwa kugwira ntchito mwatheka, akayamba kuponya moto ankaponya ndi mtima wonse, timizere ta pakona taiwalika. Ndipo maso ofiira a chimphona akangomuyang'ana, miyendo inkasankha yokha njira ya kukashedi.

Mtsogoleri wa gulu ndi Ylva, namwino wa ku Uppsala, wamng'ono kwa onse koma mawu ake satsutsidwa. Anamuimbira Gunnel masana ena ali pa nthawi yopuma.

"A Gunnel, mukudziwa kuti ndimakukondani nonse awiri," anayamba choncho, ndipo Gunnel anadziwiratu kuti zabwino palibe. "Koma anthu asanu ndi atatu akutaya madzulo awo. Pali mayi wina wa ku Malmö, woponya moto wodziwa, wakhala akudikira mpando. Loweruka la msonkhano wathu wapachaka likhale lomaliza kuyesa. Akatiphetsanso, a Torvald apume kaye."

Gunnel anafuna kukalipa, koma akalipa chiyani poti mtsikanayo ankanena zoona? Anamuuza Torvald madzulo omwewo, mosabisa. Torvald anangoti, "Chabwino," ndipo m'mawa mwake Gunnel anaona mapazi pachipale chofewa, kuchokera pakhomo kupita kukashedi. Sabata yonseyo ankalowa m'menemo. Gunnel ankaima pazenera ndi kapu m'manja, mtima ukumuwawa. Mpando wa m'masewera si kanthu, ankadziwa. Koma mpando umenewo ndi umene unamutulutsa mwamuna wake mukashedi, ndipo ukapita, iye adzabwereranso komweko, kuseka kuja kudzatha.

Lachiwiri lotsiriza, Torvald anasewera ngati munthu woyenda pa ayezi wopyapyala. Ankaponya kamoto kamodzi, n'kudikira, n'kuyang'ana timizere, n'kuponyanso kena. Sanalande chimphona, zoona, koma Mlonda wa Ng'anjo ali ndi nthawi yake: mukachedwa kumugwetsa amapsa mtima n'kupha onse ndi nkhonya imodziimodzi. Anachedwa, ndipo anafa onse.

"A Torvald, lero ndiye mumayatsa makandulo a pakeke?" anafunsa Rauno. Palibe anaseka.

Msonkhano wapachaka chaka chimenecho unali ku Vännäs. Gunnel anabwereka chipinda cha misonkhano cha m'dera lawo, chija chokhala ndi makatani a maluwa ndi piyano yosalira. Anthu anafika Loweruka m'mawa, ena pasitima, ena pagalimoto, makompyuta atakulungidwa m'mabulangete ngati makanda. Nsapato zinaunjikana pakhomo. Anthu amene chaka chonse amangomvana mawu anakumbatirana, kunyozana mimba ndi madazi. Sixten anabwera ndi mabanzi a sinamoni odzaza thumba la zinyalala, akuti linali latsopano. Rauno anabwera ndi nsomba yowamba yonunkha imene Ylva analamula kuti ikhale panja. Khofi anaphikidwa, anamwedwa, anaphikidwanso. Torvald anakwawa pansi pa matebulo kulumikiza mawaya a aliyense, ndipo Gunnel anamuika pampando wa mu ofesi wamatayala kumanzere kwake, motalikirana pang'ono kuti zigongono zisagundane.

Atadya nkhomaliro, dzuwa lofooka la February likadali pazenera, Ylva anaimirira. "Mukuzidziwa, koma ndibwereza chifukwa ena mwa inu mitu ndi ya masiponji. Rauno, iwe ugwire tizimphona tating'ono kutsidya kwa ngalande ya moto, usatibweretse kuno. Nthawi ndi nthawi Mlonda amatembenuza mutu n'kuponyera munthu wina aliyense chitsulo chosungunuka. Si kuti munthuyo wamulanda, Mlonda amabwerera yekha kwa thanki, musachite phuma. Moyo wake ukafika pa theka, amamenya a Gunnel kuwaponya kuchipata cha phanga, n'kufufuta mndandanda wonse. Aliyense manja m'mwamba! Osamenya, osachiritsa, mpaka a Gunnel atabwerera n'kudina chipongwe. Tamvana?"

"Tamva, amayi," linayankha gulu ngati ana a sukulu ya mkaka.

Gunnel anasuzumira kumanzere. "Torvald, ponya ngati mwamuna, koma maso pa timizere."

"Ndiyesa," anatero Torvald, osamuyang'ana.

Analowa. Gunnel anathamanga, nachimenya chimphona ndi chishango pabondo, phaa! Kachiwiri, kachitatu, mzere wake ukutalika. "Chagwira! Yambani!" Moto, mivi ndi mipeni zinagwa ngati matalala. Kutsidya Rauno ankatukwana tizimphona take m'Chifinishi. Sixten ankang'ung'udza nyimbo akuchiritsa. Ndipo Torvald, taonani, ankaponya bwino ndithu, mzere wake uli wachitatu, kenaka wachiwiri, koma pansi pa wa mkazi wake. Moyo wa Mlonda unkatsika, kuyandikira theka.

Apo Mlonda anatembenuza mutu, maso ofiira aja n'kulunjika pa Torvald.

Tinene zoona, Gunnel ankachidziwa chimenechi kuposa aliyense m'chipindamo. Anali atachiona kosawerengeka. Timizere tinali pomwepo tikumuuza kuti iye akadali pamwamba, kuti ichi n'chitsulo chosungunuka chabe. Wophunzira wa dzulo akanachita zimene anachitazo, Gunnel akanamunyoza mwezi wathunthu. Koma maso aja anali pa mwamuna wake, ndipo chala chinadina chokha. Mfuu ya chipongwe inamveka m'phanga monse, yopanda ntchito, poti munthu amene chimphona chamugwira kale alibe mulu wa wina woti alumphire. Batani linada, layamba kupuma.

"Mayo ine," anatero Gunnel chapansipansi.

Nthawi yomweyo moyo wa Mlonda unafika pa theka. Chimkono chachitsulo chinamunyamula Gunnel n'kumuponya kutali kuchipata, ndipo timizere tonse ta pakona tinazimiririka, psiti.

"Manja m'mwamba!" anakuwa Ylva.

Onse anaima. Koma Sixten, poona nkhonya ija ikubwera, anali atayamba kale chiritso lake lalikulu, ndipo linafika pa Gunnel mndandanda utangofufutidwa. Kamzere kamodzi kanaoneka, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kali ndi dzina la Sixten. Pamndandanda wopanda kanthu, njere ya mpunga ndi phiri. Mlonda anatembenuka, gudu, gudu, kulunjika kwa wochiritsa.

"A Gunnel! Chipongwe! Chikubwera kwa ine!"

"Ndilibe! Ndawononga!"

"Mwatani?" anakuwa anthu atatu nthawi imodzi.

"Rauno?" anaitana Ylva.

"Ndili kutali, mfuu yanga sifika!"

Sixten akafa, onse afa, zimenezo ngakhale piyano ija inkazidziwa. Ndipo Gunnel, akuthamanga ndi zitsulo zake zolemera kuchokera kuchipata, ankadziwanso china: gulu likagwa lero, mpando wa Torvald wapita, ndipo wautaya ndi iyeyo, ndi chala chake.

Kenaka kumanzere kwake anamva kiyibodi ikulira ngati munthu akukhoma msomali. Chimoto chachikulu, chija chimene Torvald anachimana sabata yonse, chinauluka n'kuphulika pamsana pa Mlonda. Mzere wa Torvald unatumphuka, n'kukasiya ka Sixten kutali, khumi ndi titatu n'chiyani apa! Mlonda anaima, chibakera chili kale m'mwamba pamutu pa Sixten, natembenuka.

"Ndani waponya?" anakalipa Ylva. "Ndati manja..." Kenaka anaona kuti moto uja wapulumutsa Sixten.

Maso ofiira anali pa Torvald, ndipo Gunnel anaona pakona ya diso lake chala chachikulu chija chikuyandama pa batani limodzi. Woponya moto ali ndi batani lobisalira: ukalidina umazimiririka, dzina lako n'kuchoka pamndandanda. Ndi kashedi ka m'masewera. Koma akanabisala, wotsatira pamndandanda anali Sixten yemweyo. Kumbuyo kwa Torvald phanga linali lotseguka, njira yothawira ili poyera, njira imene miyendo yake inkaidziwa bwino. Kutsogolo kwake kunali chimphona, ndipo kuseri kwa chimphonacho, patali, kamunthu kazitsulo kakubwera wefuwefu.

Gunnel sanakuwe. Anangoti, ndi mawu a kukhitchini, "Torvald. Kuno."

Ndipo nkhalamba ija inathamanga chakutsogolo. Molunjika chimphona! Chibakera chitatsika, Torvald anadina batani lina, la kulumpha kwamatsenga, n'kutulukira kuseri kwa miyendo yachitsulo, akuthamangabe kuloza kuchipata. Mlonda anapotoloka n'kumutsata, kusiya gulu lonse pambuyo.

"Thamangani, agogo! Thamangani!" Rauno anali ataimirira, akusewera chowerama.

"Mkanjo m'manja, achimwene!" anakuwa Sixten.

Mlonda anamupeza. Nkhonya imodzi, moyo wa Torvald unatsala kachidutswa kofiira. Yachiwiri inali m'mwamba. Batani la Gunnel linawala, chimphona chili pafupi moti mfuu ifika, ndipo iye analimenya ndi chala mpaka tebulo linagwedera, akukuwa ndi pakamwa pakenso, mawu aja a m'basi: "Iwe chimphika chadzimbiri! Yang'ana ine!"

Mzere wake unalumpha kuchoka pansi mpaka kufanana ndi wa Torvald, mulu wonse wa chimoto chija tsopano uli wakenso. Mlonda anatembenuka, ndipo nkhonya ija inagwera pachishango.

"Tsopano bisala, mwamuna wanga! Bisala!"

Torvald anazimiririka, dzina lake linachoka pamndandanda, ndipo Gunnel anatsala pamwamba yekhayekha, ndi mulu waukulu kuposa umene akanaupeza masiku onse pa nthawi ngati imeneyi. Anawonjezera nkhonya ziwiri zitatu. "Chagwira! Menyani, ana inu, musasiye kanthu! Malo alipo ambiri!"

Anamenya ngati anthu olipidwa. Sixten anamuchiritsa Torvald akumutchula mayina achikondi amene sitingawalembe pano. Torvald anabwerera, naponya moto wake wonse, diso limodzi pa timizere, ndipo mkazi wake anali patsogolo patali moti sakanamupeza ngakhale atafuna. Mlonda wa Ng'anjo anagwada, anang'aluka pachifuwa, nagwa chafufumimba, nthawi yake yopsa mtima isanakwane.

Phokoso lake! Mahedifoni anauluka. Rauno anakwera pampando. Sixten ankalira poyera, banzi m'manja. Wina anathamangira piyano yosalira ija n'kuimenya, ndipo inalira. Mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kwagwa ngozi, anapatsidwa khofi, nakhala.

Gunnel atachotsa maso pa sikirini ndi pamene anamva kulemera paphewa. Torvald anali atamutsamira. Pothamanga muja, miyendo yake yeniyeni inkapalasa pansi, ndipo mpando wamatayala unayenda kuchoka pamalo pake mpaka kudzagunda wa mkazi wake. Kiyibodi anali ataikokera pamiyendo, waya wa mausi uli tantha, kapu ya khofi itagubuduka patebulo, iye osadziwa chilichonse.

"Taonani!" anakuwa Rauno akuloza. "Athamangiradi kwa thanki, ndi mpando womwe!"

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Torvald anayang'ana pansi, anayang'ana kumene anachokera, makutu ake atafiira, kenaka kuseka kuja kunabwera, kwa m'mimba kuja.

Ylva anadikira kuti phokoso litsike, napukuta magalasi ake. "A Torvald, ndinati manja m'mwamba, inu mwaponya. Mwaphwanya lamulo langa, ndipo mwachita bwino. Mpando ndi wanu, mayi wa ku Malmö ndimupezera gulu lina." Kenaka anatembenuka. "Koma pali wina pano amene wadina chipongwe pa chitsulo chosungunuka, ngati mwana wobadwa dzulo. A Gunnel, kodi tikupezereni timibulu ta shuga tikuphunzitseni?"

"Choka apa, kamwana iwe," anatero Gunnel, koma ankaseka, ndipo anadziwa kuti nkhani imeneyi adzamunena nayo mpaka kumanda. Mbale zonse za tsikulo anatsuka yekha, monga mwa mwambo wa Masokosi Onyowa kwa wolakwa wamkulu, ndipo Torvald anapukuta.

Chakumadzulo, ena akukangana za chakudya, awiriwo anatulutsa makompyuta awo kupita nawo kugalimoto. Chipale chinkagwa pang'onopang'ono. Gunnel anatsegula buti, akung'ung'udza nyimbo ya Sixten ija. Torvald anaika katundu wake, koma sanachoke. Anaima akusisita chipale cha pagalasi ndi dzanja.

"Gunnel."

"Ee?"

"Kuchipatala anandiimbira. Akuti mtima uja akufuna auonenso, pali chimene sichinawasangalatse. Ndipite Lachinayi."

Gunnel anasiya bulangete limene ankapinda. "Anaimba liti?"

"Sabata yatha."

Ndiye mapazi aja a pachipale sanali a nkhani ya Ylva yokha. Mkwiyo unamukwera, mantha ali pambuyo pake, koma pansi pa zonsezo panali chimwemwe chachikulu chimene chinamuchititsa manyazi. Nkhaniyi sanaimve kwa mkazi wa neba. Anaimva kwa mwini wake, ataima pafupi moti ankamva fungo la khofi wotayika pa juzi yake.

"Sabata yathunthu uli nacho pambuyo, ukuzungulira nacho mukashedi," anatero Gunnel. "Ukanafa nacho komweko, chitsiru iwe."

"Ndikudziwa. Ndachedwa."

"Wachedwa, koma wafika." Anamugwira pa kolala n'kumukokera pansi, poti ndi wamtali, mpaka mphumi zinagundana. "Lachinayi basi ayendetse wina. Tipita tonse, ndipo ulowe pambuyo panga. Chimenecho chiyambe chandiyang'ana ineyo."

Chitseko cha chipinda chinatseguka, Rauno nasuzumira. "Inu achikondi awiri, tikuyambanso china! Thanki ali kuti?"

"Akubwera!" anayankha Torvald, mokweza kuposa mmene aliyense anamumverapo. Anaweramira mubuti, natulutsa makompyuta onse awiri.